Phindu lilipo, nanga ndalama zili kuti? Momwe tinaonera dzenje la Januwale m'shopu ya azakhali

Mu Januwale chaka chatha ndinapita ku Mitundu kukaona azakhali anga, ndipo ndinapeza m'shopu mwawo muli mbee. Pashelefu panali mabisiketi a Khirisimasi, mabotolo a sikwashi ndi machesi basi. Shuga munalibe, mafuta ophikira munalibe, sopo anangotsala awiri. Makasitomala amafika pawindo, kufunsa, n'kupitirira kwa neba.

Chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti masabata atatu okha m'mbuyomo, shopu yomweyi inali yodzaza mpaka kudenga, anthu akuchita kukankhana pawindo. Nanga ndalama zonse zija zinalowera kuti?

"Mwanawe, sindinaberedwe, komanso sindinaluze," anandiuza azakhali atakhala pakreti. "Ndikawerengera, phindu lilipo ndithu. Koma ndalamayo ndi imene sindikuiona."

Sabata imeneyo anakatenga katapila wa K200,000 kuti akaode katundu. Patatha mwezi anabweza K300,000. Apa ndiye kuti Januwale yense anagwirira ntchito mwini katapila.

Disembala wapitayu zinthu zinayenda mosiyana, ndipo sikuti azakhali anapeza mpamba wina. Mwana wawo woyamba, msuweni wanga amene ali ndi kagolosale ku Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, anabwera ndi foni yake n'kuwakhazika pansi. Ine ndinalipo, ntchito yanga inali yowerenga manambala a m'kope. Tinapanga chomwe akadaulo a zamalonda amachitchula kuti kashifulo, kutanthauza ndondomeko yolosera kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama. Azakhali anangoitcha kalendala ya ndalama, ndipo dzinali linakhazikika.

Phindu ndi lina, ndalama ndi ina

Tiyambe ndi pamene ambiri timasokonekera. Mukaoda belo la shuga, n'kuligulitsa lonse pangongole kwa aphunzitsi amene adzalipire kumapeto kwa mwezi, m'kope mwanu phindu laoneka lero. Koma m'kabati mulibe ngakhale K50, ndipo mawa simungakaode belo lina. Chimodzimodzi mukatenga katundu pangongole kuholoselo n'kumugulitsa kashi, m'kabati mumadzaza ndalama, koma zambiri mwa izo ndi za eni katundu.

Kalendala ya ndalama ilibe nazo ntchito za phindu. Imangofunsa funso limodzi: pofika kumapeto kwa sabata yakutiyakuti, m'manja mudzakhala muli zingati? Sabata iliyonse ili ndi mizere inayi yokha. Woyamba ndi ndalama zomwe mwayamba nazo. Wachiwiri ndi zomwe zilowe, wachitatu ndi zomwe zituluke, ndipo wachinayi ndi zotsala. Zotsala za sabata ino ndizo zoyamba nazo za sabata yamawa, choncho masabata onse ndi olumikizana ngati unyolo.

Mutha kulemba m'kope ndi lula. Msuweni wanga amagwiritsa ntchito Google Sheets pafoni, sabata iliyonse ndi danga lake lotsika. Ngati zoyamba nazo zili mu B2, zolowa mu B3, zotuluka mu B4, mu B5 amalemba fomula yoyambayi, ndipo mu C2, poyambira sabata yachiwiri, amalemba yachiwiriyo:

```
=B2+B3-B4
=B5
```

Ubwino wa pafoni ndi wakuti mukasintha nambala imodzi, masabata onse akutsogolo amasintha okha.

Malamulo atatu amene tinakangana nawo

Lamulo loyamba ndi lakuti ndalama imalembedwa pa sabata yomwe idzafike m'manja kapena kuchoka m'manja, osati pa tsiku lomwe katundu wayenda. Azakhali ali ndi aphunzitsi ndi ogwira ntchito ena amene amatenga zinthu mwezi wonse. Ngongole zawo tinaziika pa sabata yomaliza ya Januwale, malipiro akatuluka. Alimi amene amati "tidzalipira fodya akalowa" sitinawalembe n'komwe, chifukwa msika wa ku Kanengo umatsegulidwa cha mu Epulo, kutali ndi masabata amene timayang'ana.

Lachiwiri ndi lakuti timawerengera sabata ndi sabata, osati mwezi ndi mwezi. Mwezi umabisa zinthu. Mutha kupeza kuti zolowa ndi zotuluka za mwezi wonse zikufanana, pomwe zolipira zikuluzikulu zonse zili kumayambiriro ndipo ndalama zikudzalowa kumapeto. Pakatipo shopu imakhala yopanda shuga.

Lachitatu ndi limene linavuta. Msuweni anati tilembe ndiwo, chigayo, fizi ndi feteleza. Azakhali anakana.

"Zimenezo ndi za kunyumba, sizikukhudza shopu."

"Amayi, nanga ndalama yake imachokera m'kabati iti?" anafunsa iye.

Anakhala chete, kenako anaseka. Zoona zake n'zakuti m'mashopu ambiri ang'onoang'ono kabati ndi imodzi. Mukasiya za kunyumba panja, kalendalayo imakunamizani.

Manambala a zolowa sitinawatole m'mutu. Azakhali amalemba zomwe agulitsa tsiku lililonse, ndiye tinatenga kope la chaka chinacho kuti tione momwe malonda amatsikira Khirisimasi ikadutsa, n'kukweza manambalawo molingana ndi mitengo ya pano. Zoyamba nazo tinachita kuwerenga: K220,000 m'kabati ndi K80,000 mu Airtel Money, zonse pamodzi K300,000.

Zomwe zinatuluka

Tinayambira sabata yoti Khirisimasi ili mawa lake, mpaka kumapeto kwa Januwale. Sabata iliyonse muli oda ya katundu, ndalama ya kunyumba, ndi K30,000 ya thiransipoti yopita ku tauni kukaoda, magetsi ndi tina n'tina.

| Sabata | Zolowa | Zotuluka | Zotsala |
|---|---|---|---|
| 1. Khirisimasi isanafike | K700,000 | K680,000 | K320,000 |
| 2. Ya Khirisimasi | K950,000 | K560,000 | K710,000 |
| 3. Ya Nyuwere | K650,000 | K680,000 | K680,000 |
| 4. Yotsegulira sukulu | K450,000 | K1,080,000 | K50,000 |
| 5. Pakati pa Januwale | K400,000 | K550,000 | -K100,000 |
| 6. Yotsatira | K400,000 | K520,000 | -K220,000 |
| 7. Kumapeto kwa mwezi | K620,000 | K430,000 | -K30,000 |

Musachite mantha ndi manambalawa. Powerenga kalendala ya ndalama mumayamba ndi danga limodzi lokha, la zotsala, kutsika nalo kuchokera pamwamba. Pali mafunso atatu oti mulifunse.

Funso loyamba: vuto liyamba sabata iti?

Maso amathamangira pamene pali chizindikiro chochotsera, sabata yachisanu. Inenso ndinaloza pomwepo. Koma msuweni anapukusa mutu n'kuloza sabata yachinayi, pamene patsala K50,000.

Chifukwa chake n'chakuti azakhali amakaoda kumayambiriro kwa sabata, ndalama za sabatayo zisanalowe. Ndi K50,000 m'manja, mutachotsapo thiransipoti, mubwera ndi chiyani kuchokera ku tauni? Shopu siyamba kuvutika ndalama zikafika pa ziro. Imayamba kuvutika zikatsika pansi pa ndalama yomwe imafunika kuti mukaode zinthu zoyenda msanga. Tinawafunsa azakhali kuti ndalama yochepetsetsa yomwe angapite nayo kukaoda shuga, mafuta, sopo ndi mchere ndi zingati. Anati K150,000. Imeneyo tinaitcha mzere wofiira. Sabata iliyonse yomwe zotsala zili pansi pa mzere umenewu ndi sabata ya mavuto, ngakhale nambala yake isakhale yochotsera.

Tikawerenga chonchi, masabata ovuta si atatu koma anayi, kuyambira yotsegulira sukulu mpaka kumapeto kwa mwezi.

Funso lachiwiri: dzenjelo ndi lakuya bwanji?

Apa mumafuna nambala yotsikitsitsa. Kwa ife ndi sabata yachisanu ndi chimodzi, pamene zaperewera ndi K220,000. Pali cholakwika chimene ambiri amachita pamenepa, ndicho kuphatikiza manambala onse ochotsera aja, 100 ndi 220 ndi 30, ngati ndi ngongole zitatu zosiyana. Ayi ndithu. Kuperewera kwa sabata yachisanu kuli kale m'kati mwa nambala ya sabata yotsatira, poti masabatawa ndi unyolo. Dzenje ndi limodzi, ndipo pansi pake ndi pa K220,000.

Pamenepo muwonjezerepo mzere wofiira uja wa K150,000. Ndiye kuti azakhali amafunika kupeza kapena kusuntha K370,000 kuti Januwale adutse shopu ili ndi katundu. Akanati akatenge ndalama imeneyi kwa katapila pa chiwongoladzanja chonga cha chaka chatha, theka la ndalamayo pamwezi, akanabweza K555,000. Chiwongoladzanja chokha K185,000, pomwe phindu la shopuyi mu Januwale limakhala cha m'ma K80,000 pa sabata.

Funso lachitatu: n'chiyani chakumba dzenjelo?

Mukapeza sabata yomwe zotsala zagwa kwambiri, bwererani m'madanga a zolowa ndi zotuluka a sabata imeneyo. Pa sabata yachinayi zotsala zagwa kuchoka pa K680,000 kufika pa K50,000. Malonda atsika, inde, ndipo zimenezo n'zodziwika. Ku Mitundu anthu ambiri amadalira ulimi, ndipo mu Januwale chimanga chili m'munda, ndalama zapita ku feteleza, ku aganyu ndi ku sukulu. Koma kutsika kwa malonda kwangochotsa K200,000 poyerekeza ndi sabata ya Nyuwere. Chachikulu chili ku zotuluka.

Mu K1,080,000 ija muli K400,000 ya katundu wa Khirisimasi amene azakhali anatenga pangongole kuholoselo, yoti abweze pakatha masabata atatu. Mulinso K250,000 ya fizi ya mwana wawo womaliza amene ali Fomu 3 kusukulu yogonera komweko. Sabata ya Nyuwere inali itadya kale K150,000 ya lendi ya miyezi itatu. Kutsogoloku, sabata yachisanu kukudikira thumba la feteleza wobereketsa la K150,000, ndipo yachisanu ndi chimodzi kuli K120,000 yobweza ku banki mkhonde.

Msuweni analoza K710,000 ya sabata ya Khirisimasi ija.

"Amayi, ndalama iyi mukaiona m'kabati mumaganiza chiyani?"

"Ndimati chaka chino Mulungu wandiona."

"Chotsanipo 400 ya kuholoselo, 250 ya sukulu ndi 150 ya lendi."

Azakhali anawerengera pazala. Zinakwana K800,000. Ndalama yomwe imaoneka ngati chuma chawo inali ndi eni ake kale, ndipo sinali yokwanira n'komwe. Chaka chinacho, pa sabata ngati yomweyi, anagula malata asanu okonzera khitchini poganiza kuti ndi phindu.

Kusuntha miyala nthawi ikadalipo

Phindu lenileni la kalendalayi ndi nthawi. Tinaliona dzenjelo kudakali masabata atatu kuti liyambe. Munthu amene akupempha kusintha tsiku lolipira kudakali masabata atatu amamveka ngati wadongosolo. Amene akupempha pa tsiku lolipiralo amamveka ngati wothawa ngongole.

Tinachita zinthu zitatu. Azakhali atapita kukatenga katundu wa Khirisimasi uja, anagwirizana ndi a kuholoselo kuti adzalipira K200,000 pa sabata yachinayi, ina K200,000 kumapeto kwa Januwale. Eni nyumba anavomera kulandira lendi mwezi ndi mwezi, K50,000, mpaka nthawi yokolola. Chachitatu, tinayang'anitsitsa oda ya sabata ya Nyuwere, yomwe inali K450,000, n'kupeza kuti munali sikwashi, mabisiketi ndi mpunga wambiri, zinthu zomwe zimangokhala pashelefu chikondwerero chikatha. Tinadulapo K120,000.

Feteleza sitinamukhudze, chifukwa chimanga sichidikira kalendala ya munthu. Fizi nayo tinaisiya pomwepo.

Msuweni atasintha manambala atatuwo pafoni, danga la zotsala linasintha lonse. Sabata yachinayi inakhala K470,000, yachisanu K320,000, yachisanu ndi chimodzi K200,000, yomaliza K140,000. Chizindikiro chochotsera chinasowa.

Koma taonani bwino. Sabata yotsikitsitsa tsopano ndi yomaliza ija, ndipo ili pansi pa mzere wofiira ndi K10,000. Kusuntha ngongole sikuithetsa, kumangoipititsa pa sabata ina, ndiye muyenera kuonetsetsa kuti sabata yomwe mwaikankhirayo ingaisenze. Pa zitatu tinachita zija, ndalama yomwe inapulumuka zenizeni ndi K120,000 ya oda yokha. Ndipo pali msampha wina: mukakankhira ngongole kuseri kwa sabata yomaliza ya kalendala yanu, imasowa pafoni koma m'moyo ikadalipo. N'chifukwa chake sabata imodzi ikatha, mumawonjezera ina kumapeto, kuti nthawi zonse muziona masabata asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kutsogolo.

Nanga zikapanda kuyenda momwe mwalembera?

Zotuluka zambiri zimadziwika, lendi ndi lendi. Zolowa ndi zongoyerekeza. Ndiye tisanatseke foni tinafunsa kuti ndi nambala iti yomwe tikuikayikira kwambiri. Inali K170,000 ya ngongole za makasitomala yomwe ili m'kati mwa K620,000 ya sabata yomaliza. Mu Januwale naye mphunzitsi ali ndi fizi ya ana ake. Titaichotsa yonse, K140,000 ija inasanduka kuperewera kwa K30,000, pa sabata yomweyo yolipira kuholoselo. Azakhali anali ndi matumba awiri a soya amene amafuna kugulitsa pa Khirisimasi. Tinagwirizana kuti awasunge, adikire sabata imeneyo.

Kenako ntchito inali ya Lamlungu lililonse madzulo: kuwerenga za m'kabati ndi za m'foni, n'kuyerekeza ndi zomwe kalendala inanena. Pa sabata yachisanu kunagwa mvula ya masiku atatu, anthu a m'midzi sanabwere kumsika, ndipo kunalowa K340,000 m'malo mwa K400,000. Azakhali anandiimbira okha kuti nambala yasiyana ndi K60,000, ndipo oda yotsatira anaichepetsa ndi K40,000. Kumapeto kwa mwezi, pa ngongole za K170,000 zija panabwera K110,000. Kukanatsala K60,000 yokha atalipira kuholoselo ndi lendi. Soya uja anagulitsidwa, shuga sanasowe pashelefu, ndipo kwa katapila sanapondeko.

Kalendala ikasiyana ndi kabati sabata imodzi, imeneyo ndi mvula kapena maliro a m'mudzi. Ikamasiyana mbali yomweyomweyo masabata atatu otsatizana, pali china: mwina malonda mukuwayerekeza mokweza, mwina pali ndalama yomwe ikutuluka osalembedwa, kapena ngongole zatsopano zikuchuluka pawindo.

Ku Nathenje dzenje limakhala pena

Musakopere manambala a azakhali, chifukwa shopu iliyonse ili ndi masabata ake. Nditapita ku Nathenje, msuweni anandionetsa kalendala yake, ndipo inali ndi maonekedwe ena. Makasitomala ake ambiri ndi apaulendo a pakati pa Lilongwe ndi Dedza, oyendetsa kabaza ndi anthu olandira pamwezi. Januwale amamukhudza, koma osati ngati ku Mitundu. Iye dzenje lake ndi laling'ono koma limabwera mwezi uliwonse, pa sabata yachitatu, malipiro a anthu atatha. Ndiye oda yaikulu amaiika sabata yomaliza ya mwezi, ndipo salola kuti ngongole ya kuholoselo igwere pakati pa mwezi.

Iye alinso ndi chophimba m'maso china. Ndi ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo munthu akabwera kudzaika ndalama m'foni, kashi imachuluka m'kabati pomwe fuloti yake yatsika ndi ndalama yomweyo. Poyamba ankaiwerengera ngati ya golosale n'kukaodera katundu, mawa lake n'kusowa fuloti. Pano ali ndi makabati awiri, ndipo m'kalendala ya golosale mumangolowa komishoni ikatuluka.

Pali zomwe kalendala singaone. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, mitengo ya kuholoselo inasintha m'masiku ochepa, ndipo aliyense amene anali ndi manambala a oda a sabata yapitayo anayenera kulemba mwatsopano, mzere wofiira womwe. Matenda ndi maliro nazonso sizipangana ndi munthu. Komanso ngati zotsala zikungotsika mwezi ndi mwezi, ngakhale mu Meyi ndi Juni pamene alimi agulitsa mtedza, soya ndi fodya, vuto si la masiku olipira ayi. Pamenepo ndiye kuti shopu ikuluza kapena kunyumba kukudya kuposa phindu, ndipo kusuntha ngongole sikungathandize.

Sabata yatha ndinaimbira azakhali kuwafunsa za moyo. Sanachedwe ndi moni.

"Mwanawe, ndafika nayo pa Epulo kalendala ija. Sabata yotsegulira teremu yachitatu fizi ikukumana ndi lendi, fodya asanayambe kulipira. Umuuze mchimwene wakoyo abwere ndi foni yake Loweruka."